Their, there, they're: mmene mungasiyire kusokoneza, ndi njira yoloweza masipelo ovuta a Chingerezi

Ndiyambe ndi chiganizo chimodzi chomwe ndimakonda kupatsa anthu omwe ndikuwathandiza kulemba Chingerezi, muli mipata inayi ndipo ponse mukalowe mawu omveka chimodzimodzi mukamawatchula:

___ saying ___ is no water in ___ house, so I will not go ___.

Musayankhe kaye, tichitira limodzi pansipa. Chomwe ndikufuna muone ndi choti khutu lanu silingakuthandizeni olo pang'ono pamenepa. Ife tinazolowera Chichewa chomwe mawu amalembedwa mmene amamvekera, ukamva "chikwama" ulemba chi-kwa-ma basi zatha, ndiye tikafika pa Chingerezi timapitiliza kudalira khutu lomwelo ndipo ndi pomwe timagwera. Their, there ndi they're ngakhale eni chilankhulo amazitchula mofanana kapena pafupifupi mofanana, nawonso amalakwitsa kwambiri, ndiye si nkhani yoti munthu sadziwa Chingerezi ayi. Nkhani ndi yoti pa mawu ngati amenewa chomwe chimasankha sipelo ndi tanthauzo, ndipo tanthauzolo Chichewa chathu chimalisiyanitsa bwino kwambiri.

Sitepe yoyamba: litembenuzeni m'Chichewa mumtima

Mukafika pa liwu lija imani kaye, dzifunseni kuti kodi m'Chichewa ndikananena bwanji apa?

Ngati zikutuluka "yawo, wawo, chawo, mwawo, kwawo", kutanthauza kuti chinthucho chili ndi eni ake, lembani their. Their car ndi galimoto yawo, their children ndi ana awo. Ndipo their sayima yekha, kutsogolo kwake kumabwera dzina la chinthu nthawi zonse, nthawi zina pamakhala mawu ofotokoza pakati ngati their new car koma chinthucho chimafika ndithu. Ndiye mukaona kuti mwalemba their kumapeto kwa chiganizo kenako mpumiro, dziwani kuti mwalakwitsa.

Ngati zikutuluka "uko, apo, umo" kapena ka "-ko" kaja ka mu "sindipitako", lembani there. There alinso ndi ntchito yachiwiri yomwe anthu ambiri amaiwala, ndi ija ya "pali, kuli, muli" ndi "palibe, kulibe, mulibe". There is a problem ndi pali vuto. There are no chairs ndi palibe mipando. Apa sitikuloza malo enieni koma sipelo ndi yomweyo.

Ngati zikutuluka "iwo ali", "iwo ndi" kapena mneni woyamba ndi "aku-" ngati akubwera, akunena, akudikira, ndiye ndi they're. Kachizindikiro kali m'mwambako ndi nkhodolero yomweija timalemba mu "m'nyumba" m'malo mwa "mu nyumba" kapena "n'zoona" m'malo mwa "ndi zoona", imangosonyeza kuti pachoka lembo. They're ndi they are, lembo a lachoka basi.

Tsopano tibwerere ku chiganizo chija. M'Chichewa chikuti: akunena kuti mulibe madzi m'nyumba mwawo, ndiye sindipitako. Mwaona eti? "Akunena" ndi They're saying. "Mulibe" ndi there is no. "M'nyumba mwawo" ndi in their house. "Sindipitako" ndi I will not go there. Chonse chikhala chonchi:

They're saying there is no water in their house, so I will not go there.

M'Chichewa simunasokonezepo "mwawo" ndi "uko" chibadwireni, ndiye gwiritsani ntchito nzeru yomweyo.

Sitepe yachiwiri: sinthanitsani ndi liwu lina muone ngati chiganizo chikuimabe

Kutembenuza m'Chichewa pali pena pomwe kumakuphonyetsani. Tengani chiganizo ichi: Someone left ___ bag here. M'Chichewa tinena kuti wina wasiya chikwama chake, osati chawo, ndiye mutha kuganiza kuti their sakugwirizana. Koma Chingerezi chimagwiritsa ntchito their kwa munthu mmodzi ngati sitikudziwa kuti ndi mwamuna kapena mkazi. N'chifukwa chake pamafunika kayeso kachiwiri, ndipo ndi kachangu.

Ikanipo our. Ngati chiganizo chikumvekabe ngati Chingerezi cholongosoka ngakhale tanthauzo lasintha, ndiye yankho ndi their. Someone left our bag here, chikumveka, ndiye their. Ikanipo they are, ngati zikuyenda ndiye they're. Zonse ziwiri zikakana, chotsala ndi there. Ine ndimalangiza kuyamba ndi they are chifukwa ndi kayeso komwe sikanama: Someone left they are bag, mukumva nokha kuti zapotoka.

Pali malo amodzi ovutirapo pang'ono omwe ndikufuna muwadziwe, ndi pomwe kutsogolo kuli liwu lothera ndi -ing. They're coming tomorrow ndi akubwera mawa. Koma Their coming surprised us ndi kubwera kwawo kunatidabwitsa. Zonse ziwiri ndi zolondola, ndiye musaloweze lamulo loti pakakhala -ing ndiye they're, limagwa. "Akubwera" kapena "kubwera kwawo", funso ndi limenelo.

Kayeso komweka kamagwiranso pa anzake onse a banja limeneli. It's ndi it is kapena it has, pomwe its ndi "yake, chake". You're ndi you are, your ndi "yanu, chanu". Who's ndi who is kapena who has, whose ndi "ya ndani" kapena "yemwe chake". Chomwe chimasokoneza anthu pa its n'choti anaphunzira kuti umwini umalembedwa ndi nkhodolero ngati the teacher's book, ndiye amaganiza kuti it's ndi umwini. Ayi. Mawu a umwini olowa m'malo mwa dzina satenga nkhodolero: his, hers, ours, yours, theirs, its. Simunalembepo hi's, ndiye its muziyiona ngati m'bale wake wa his.

China chomwe ndimachiona kawirikawiri kwa ife ndi kulemba they is a problem kapena they are many people here pomwe munthu amafuna kunena kuti pali vuto, pali anthu ambiri. Zimachitika chifukwa tikamalankhula mwachangu they ndi there zimamveka moyandikana. Mankhwala ake ndi omwewo, mukamva "pali" mumtima lembani there.

Sitepe yachitatu: mangani sipelo pa chinthu chooneka ndi maso

Mwasankha liwu loyenera, chatsala ndi kulilemba bwino, chifukwa wina amadziwa kuti akufuna "yawo" koma n'kulemba thier. Gwirani ichi: onse atatu amayamba ndi the. The-ir, the-re, the-y're. Mukayamba ndi t, h, e simungalembenso thier.

Kenako yang'anani mkati mwa liwu. Mu there muli here, mu where mulinso here, atatu onsewa ndi a malo: pano, apo, kuti. Mu their muli heir, yemwe ndi wolandira chuma cha masiye, munthu woti zinthu zikhala zake, ndiye umwini. Ndipo poti tatchula here, mnzake womveka naye mofanana ndi hear, kumva, ndipo mkati mwake muli ear, khutu.

Mwina mukudabwa kuti n'chifukwa chiyani Chingerezi chili chosokonekera chonchi. Mwachidule, masipelo ambiri anakhazikika kale pomwe katchulidwe kanapitiliza kusintha. William Caxton anabweretsa makina osindikizira mabuku ku England mu 1476, nthawi yomwe katchulidwe ka malembo a liwu kanali mkati mosintha kwambiri, ndipo k wa mu knee ndi knife nthawi imeneyo ankatchulidwa ndithu. Komanso mawu anachokera kosiyanasiyana, there ndi wa Chingerezi chakale pomwe they ndi their anabwera ndi ma Viking ochokera ku Scandinavia. Ndikunena izi chifukwa zimathandiza pa sitepe yachisanu, malembo osatchulidwa ambiri ali ndi chifukwa chake ndipo ukachipeza suiwalanso.

Sitepe yachinayi: pezani pomwe penipeni mumalakwitsa

Tsopano tichoke pa mawu omveka mofanana tipite pa aja ongovuta okha, monga necessary, separate, definitely, accommodation. Anthu ambiri akalakwitsa liwu amalikopera kakhumi kapena ka 20 akuyang'ana pomwe lalembedwa bwino, dzanja likuyenda koma mutu uli kwina, mawa lake alakwitsanso pomwepo. Kukopera sikuloweza. Ndipo mukaonetsetsa simulakwitsa liwu lonse, mumalakwitsa lembo limodzi kapena awiri, ndipo ndi malo omwewo nthawi zonse.

Tiyeni titenge definitely tiyende naye mpaka kumapeto. Lembani kaye mmene mukuganizira osaonera paliponse. Ambiri amalemba definately. Kenako tsegulani dikishonale muyerekeze lembo ndi lembo, d ali bwino, e, f, i, n ali bwino, ndiye pa lembo lachisanu ndi chimodzi inu mwaika a pomwe pakufunika i. Zungulizani i ameneyo ndi cholembera. Pa malembo 10 vuto lanu ndi limodzi lokha, ena 9 mumawadziwa kale ndipo musataye nawo nthawi. Chifukwa chomwe mumalakwitsira n'choti potchula, phatikizo limenelo limamezedwa, silimveka ngati a kapena i, ndiye khutu limangolota.

Liwu limeneli muzisamala nalo pa foni. Mukalemba molakwika ngati definatly kapena defiantely, otokolekiti nthawi zina imakusinthirani kukhala defiantly, lomwe ndi liwu lenileni koma lotanthauza kuchita zinthu mwamwano, mosamvera. Ndiye munthu umafuna kuuza abwana kuti ndibweradi mawa, meseji n'kupita ikunena kuti ndibwera mwamwano.

Sitepe yachisanu: kolekani lembo lovutalo pa chinachake

Pali njira zitatu zomwe ndimagwiritsa ntchito, ndipo ndimaziyesa motsatana chonchi chifukwa yoyamba ndi yomwe imakhalitsa m'mutu.

Yoyamba ndi kufufuza m'bale wa liwulo yemwe lembo lobisikalo limamveka. Pa definitely abale ake ndi finite, finish ndi definition, mukatchula definition i uja akumveka poyera. Ndiye liwu lathu ndi de + finite + ly, ndipo mulibe a olo m'modzi. Njira imeneyi ndi yamphamvu kwambiri pa malembo osatchulidwa. G wa mu sign samveka koma mu signature akumveka. C wa mu muscle akumveka mu muscular. B womaliza mu bomb akumveka mu bombard, n wa mu column akumveka mu columnist. Debt ali ndi b chifukwa anthu ophunzira akale anamuikamo pofuna kusonyeza kuti liwulo linachokera ku debitum wa Chilatini, ndipo m'bale wake ndi debit yemwe b wake mumamutchula. Doubt naye m'bale wake ndi dubious. Ubwino wake ndi woti mukuloweza mawu awiri nthawi imodzi ndipo simukuloweza zopeka.

Yachiwiri, ngati m'bale sakupezeka, yang'anani kaliwu kakang'ono kobisala mkati, koma kakhale kokhudza malo ovuta aja. Separate anthu amalemba seperate, ndiye kumbukirani kuti pakati pali a rat, khoswe: sep-a-rat-e. Mu believe muli lie, osakhulupirira bodza. Friend amathera ndi end. Mu secretary muli secret. Pa mawu a malembo obwereza werengani manambala: necessary ali ndi c m'modzi ndi s awiri, ganizirani shati, ili ndi collar imodzi ndi sleeves ziwiri. Accommodation ndi liwu la malo ogona ndipo malo alimo ambiri, c awiri agonamo, m awirinso agonamo. Zomwe mwapeka nokha zimagwira kuposa zomwe ndakupatsani inezi, ngakhale zitakhala zopanda nzeru kwa munthu wina, bola inuyo zikukukumbutsani.

Yachitatu ndi yomwe ife olankhula Chichewa tili nayo mwayi, kuwerenga liwu ngati kuti ndi la Chichewa, lembo lililonse kulitchula. Polemba nenani mumtima Wed-nes-day, Feb-ru-ary, pe-o-ple, bu-si-ness, lis-ten, k-now. Katchulidwe kameneka ndi ka polemba pokha, polankhula muzitchula mmene eni ake amatchulira. Chenjezo ndi loti pakamwa pathu timakonda kuwonjezera lembo la liwu pakati pa malembo ounjikana, ndiye mukanena "Wedinesidei" dzanja litha kulembadi ma i omwe kulibe. Dulani liwulo m'zigawo mukuliyang'ana, osati mukulimva.

Njira yachitatuyi imalepheranso pa l ndi r. M'Chichewa kusinthanitsa l ndi r sikusintha tanthauzo, kaya munena "bwera" kaya "bwela" aliyense amva, pomwe m'Chingerezi pray ndi kupemphera, play ndi kusewera, correct ndi kukonza, collect ndi kutolera. Chimodzimodzi ife tili ndi malembo a liwu asanu okha omveka mosasintha, ndiye live ndi leave, sit ndi seat, kapena hat, hut, heart ndi hurt zimatha kumveka ngati liwu limodzi. Mawu otere musawaloweze paokha, alembeni awiriawiri, lililonse ndi kachiganizo kake kakafupi: I live here, I leave at six. Lose ndi loose muwachitenso chonchi, loose ndi chokhwepa ndipo ali ndi o awiri, lose ndi kutaya ndipo wataya o m'modzi.

Lamulo lija ambiri tinaphunzira loti timayamba i kenako e, kupatula ngati malembo awiriwa akutsatira c, ndinene kuti limathandiza pang'ono chabe. Limagwira pomwe malembo awiriwo akumveka ngati "ii" wautali: believe, field, koma receive, ceiling. Ngakhale pamenepo seize amaliphwanya, ndipo weird, height, science ndi their yemwe tayamba nayeyu salitsata. Ndiye ligwiritseni ntchito pa receive ndi abale ake monga deceive ndi receipt, kwinako musalidalire.

Sitepe yachisanu ndi chimodzi: phimbani, lembani, onani, kenako mubwerenso tsiku lina

Mwapeza pokolekera, tsopano yang'anani liwulo bwinobwino, litchuleni m'zigawo zake, liphimbeni ndi dzanja, lembani kuchokera m'mutu, vundukulani muyerekeze. Mukalakwitsa musangokonza lembo limodzilo, phimbaninso mulembe liwu lonse. Mukalipeza bwino kawiri motsatizana lisiyeni, zakwana za lero. Lembani ndi cholembera papepala, chifukwa pa foni kiyibodi imakumalizirani liwu musanaliganize n'komwe.

Chofunika kwambiri ndi kubwererako. Hermann Ebbinghaus, katswiri wa ku Germany yemwe ankafufuza za kukumbukira, anasonyeza kale mu 1885 kuti zomwe taloweza zimathawa mwachangu kwambiri m'maola ndi masiku oyambirira, kenako kuiwalako kumachepa. Ndiye dziyeseni mawa lake, kenako pakatha masiku 3, pakatha sabata, ndi pakatha mwezi. Liwu lomwe mwalakwitsa libwerere poyambira. Muzipempha wina akuwerengereni mawuwo, kapena lembani tanthauzo la Chichewa mbali imodzi ya kapepala ndi sipelo kuseri kwake, kuti musaone yankho musanalembe. Kwa their ndi anzake musadziyese ndi liwu lokha, palibe chomwe mungayese pamenepo, pakufunika chiganizo chathunthu chokhala ndi mpata ngati chija tinayamba nacho.

Mawu asanu pa sabata ndi okwanira, ndipo achokere mu zolemba zanu zomwe, mameseji, makalata, zomwe aphunzitsi anazunguliza ndi kofiira, osati mndandanda wa mawu 100 ovuta omwe theka lake simudzawalembapo. Mudziwa kuti liwu lalowa mukalilemba bwino mkati mwa chiganizo mutu wanu uli pa nkhani ina, osati pomwe mukudziyesa.

Sitepe yomaliza: musanatumize

Kamzere kofiira ka pa kompyuta kamagwira thier ndi definately chifukwa mawu amenewo kulibe, koma their woikidwa pa malo a there nthawi zambiri amadutsa chifukwa sipelo yake ndi yolondola. Ndiye pa kalata yofunsira ntchito kapena chilichonse chofunika, mukamaliza dinani Ctrl+F mulembe their, ndipo paliponse pomwe yaima yesani our. Kenako fufuzani there, apa ipezanso therefore ndi mawu ena okhala ndi malembo amenewo, ingowadumphani, koma pa there weniweni funsani ngati ndi "uko" kapena "pali". Chitaninso chimodzimodzi ndi its ndi your, ndipo it's mumufufuze payekha chifukwa kufufuza its sikumupeza. Ngati kalatayo ndi ya ku ofesi, they're, it's ndi you're alembeni mokwanira kuti they are, it is, you are, makalata otere amakonda choncho kale ndipo mukamatambasula mawuwo mudzaona nokha pomwe munaika it's molakwika, chifukwa the company and it is workers sizimveka.